Ngongole yakale ku MRA? Kalata yopempha kulipira mwezi ndi mwezi imalembedwa chonchi

Ambiri kuno ku Nkhotakota amakumbukira ngongole ya msonkho tsiku limene akufuna tenda. Sukulu yogonera yalengeza kuti ikufuna mpunga, inu mpunga muli nawo, koma akufunsa chiphaso chosonyeza kuti mulibe ngongole ku MRA, chija amati TCC. Mukapita kukafunsa, mukumva zoti TPIN imene munatsegula zaka zinayi zapitazo ili ndi ngongole. Kungokhala phee sikuthandiza, chifukwa chiwongoladzanja chimakwerabe, komanso lamulo limalola MRA kulamula banki yanu kuti ichotse ndalamazo mu akaunti mwanu. Njira ilipo: kulemba kalata yopempha kubweza pang'onopang'ono. Koma dziwani kuti ndi pempho. Akhoza kuvomera, akhoza kukana, akhozanso kusintha ndalama imene mwatchula.

Musanagwire cholembera, pezani sitetimenti ya akaunti yanu ya msonkho, kaya pa Msonkho Online kapena ku ofesi imene imasunga fayilo yanu. Ngongoleyo imakhala ndi zigawo: msonkho weniweni, chindapusa, ndi chiwongoladzanja. Onetsetsaninso kuti mafomu onse a zaka zam'mbuyo munapereka, chifukwa ngati simunapereke, MRA imatha kungoyerekeza phindu lanu, ndipo nambalayo ikhoza kuposa zenizeni. Ngati simukugwirizana nayo, imeneyo ndi kalata ina, yotsutsa, ndipo ili ndi nthawi yake yochepa. Kalata yopempha kulipira mwezi ndi mwezi ndi kuvomera kuti ngongoleyo ndi yanu, ndiye musailembe pa nambala imene simunaifufuze.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Dwangwa amene amapereka mpunga ndi nyemba m'sukulu. Sitetimenti ikuti ali ndi ngongole ya K2,400,000. Koma m'zakazo anagulitsa katundu wa K10,000,000, ndipo sukuluzo zinkadula 3 peresenti pomulipira, n'kumupatsa setifiketi. Imeneyo ndi K300,000 imene inadulidwa kale m'dzina lake. Ngati sikuoneka mu akaunti, atenge masetifiketiwo n'kupempha kuti iwerengedwe. Ngongole yatsika kufika K2,100,000 asanatulutse ngakhale kobiri. Timapepala timeneti anthu amakulungira matemba, koma ndi ndalama.

Ndiye apa pofunika kuona zoona. Mayiyu akachotsa zonse amatsala ndi K450,000 pamwezi. Akalonjeza K400,000 kuti asangalatse ofesala, mwezi wachitatu wagwa, makamaka sukulu zikatsekera ndipo malipiro achedwa. Akalonjeza K20,000, ndiye kuti akupempha zaka pafupifupi 9, ndipo palibe angamumvere. Chanzeru n'kulipira K300,000 tsiku lopereka kalata, n'kugawa K1,800,000 yotsalayo pa miyezi 9, K200,000 mwezi uliwonse. Kwa a geni ya usipa, werengerani mwezi wa mwera, umene asodzi salowa panyanja, osati mwezi umene nsomba zadzaza pathandala.

Kalatayo imapita kwa Komishonala wamkulu wa MRA kudzera ku ofesi ya fayilo yanu, ndipo nthawi zambiri imalembedwa m'Chingerezi. Pamwamba ikani dzina la bizinesi, TPIN, mtundu wa msonkho ndi zaka zake. Pakatikati pazimveka motere: "Ndikuvomera ngongole ya K2,100,000. Ndalipira K300,000 lero, risiti ndaphatikiza. Ndikupempha kulipira yotsalayo K200,000 pa 10 mwezi uliwonse kwa miyezi 9, ndipo msonkho watsopano ndizilipira pa nthawi yake." Chifukwa chimene munalepherera chikhale mizere iwiri basi, chokhala ndi umboni, monga makalata osonyeza kuti kasitomala anachedwa kulipira. Nkhani ya maliro ndi matenda masamba atatu, ayi ndithu. Ofesala amakhulupirira sitetimenti ya ku banki kuposa madandaulo, ndiye phatikizani ya miyezi ingapo. Ngati mukufuna kuti akuchepetsereni chindapusa, pemphani padera m'ndime yakeyake, ndipo musachichotseretu nokha pa masamu anu.

Pangani makope awiri, imodzi akudindireni n'kubwerera nayo. Mawu a pakamwa akuti "zatheka, bwana" si pangano. Dikirani yankho lolembedwa, koma yambani kulipira pa tsiku limene munatchula ngakhale yankholo lisanafike. Ndalama ipite ku banki kapena pafoni pogwiritsa ntchito nambala yolipirira ya pa Msonkho Online, osati m'manja mwa munthu. Funsaninso kuti chiwongoladzanja cha miyezi 9 imeneyo chidzakhala zingati, kuti mwezi womaliza usakudzidzimutseni. Mukaona kuti mwezi wina muphonya, lembani kalata tsikulo lisanafike, chifukwa mukangodumpha mwakachetechete akhoza kuthetsa panganolo n'kufuna yotsala yonse kamodzi.