Ophika makeke ndi masikono, ndi uvuni wosafika pa moto wake

Anthu amene amadyera mu uvuni ali mitundumitundu. Alipo ogwira ntchito m'mabekale akuluakulu, amene amayamba usiku kuti m'mamawa buledi akhale ali m'magolosale. Alipo ophika masikono ndi mabanzi m'misika ya kumudzi, amene uvuni wawo ndi wa njerwa, wosonkhezera nkhuni. Ndiye pali gulu lomwe lakula m'matauni monga Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu: amayi ndi achinyamata ophikira kunyumba makeke a ukwati, a chinkhoswe ndi a tsiku lobadwa, pa kuka yamagetsi kapena ya gasi. Amene vuto la uvuni limawapweteka kwambiri ndi a gulu lachitatuli, chifukwa keke imodzi ikawonongeka, mazira, majarini, shuga ndi fulawa zonse zapita, ndipo mwini oda sadikira.

Wophika pa uvuni wa njerwa sakhulupirira nambala iliyonse, poti alibe. Akachotsa makala amawaza kafulawa pansi n'kuona kuti kakufiira msanga bwanji. Wa kuka yamagetsi ndiye amagwa m'mbuna, chifukwa akapotokola batani n'kuliika pa 180 amayesa kuti mkatimo mwafikadi madigiri 180. Nambala ya pabatani imangonena moto umene wophika wapempha. Umene ulipodi mkatimo umadziwika poyeza.

Chimene chimalamulira moto ndi kachipangizo kotchedwa themositati. Kali ndi kamutu kachitsulo kamene kamakhala pakhoma la mkati mwa uvuni, nthawi zambiri cha kumwamba. Kutentha kukafika pamene mwaika, kamadula magetsi, kukatsika, kamayatsanso. Motero moto wa mu uvuni umakwera ndi kutsika nthawi yonse. Kachipangizoka kakakalamba, kapena kamutu kaja kakachoka m'malo mwake n'kuyandikira elementi, kamadula magetsi pakati pa uvuni pasanatenthe mokwanira.

Chophikidwacho chimaulula chokha kuti moto wachepa. Keke imachedwa kupsa kuposa nthawi yake, pamwamba imakhala yotuwa, ndipo ikatuluka imaphwa pakati, mkati muli tsikitsiki. Masikono amafalikira m'mbali m'malo mokwera, n'kuuma chifukwa chokhalitsa pamoto. Ambiri akaona izi amayamba kukayikira fulawa kapena kuwonjezera soda, pamene cholakwa chili mu uvuni.

Poyeza pamafunika themometa ya mu uvuni, yachitsulo ndi galasi, yokhala ndi muvi ngati wotchi, yopachika kapena kuimika pashelefu. Ya kuchipatala siyenera, ndipo yobaya nyama yokhala ndi mutu wa pulasitiki ingasungunuke. Iikeni pakati penipeni pa shelefu ya pakati, pomwe chitini cha keke chimakhala, isakhudze khoma. Tsekani chitseko, ikani batani pa 180, ndipo dikirani mphindi 20 mpaka 30. Kanyale ka pakuka kamazima msanga chifukwa mpweya umatentha makoma asanatenthe, choncho musakakhulupirire. Kenako werengani muvi kanayi, motalikitsa mphindi 10 pakati, posuzumira pagalasi. Kutsekula chitseko kumatulutsa mpweya wotentha n'kusokoneza muyeso.

Tiyerekeze kuti mayi wophika makeke wapeza 150, 170, 155 ndi 165. Akaphatikiza zimakwana 640, ndipo akagawa panayi amapeza 160. Kusiyana kwa 150 ndi 170 si vuto, ndi kuyaka ndi kuzima kwa themositati kuja. Vuto ndi lakuti pakatikati pake ndi 160, kutanthauza kuti uvuni ukuperewera ndi madigiri 20. Mayiyu akafuna 180 aziika batani pa 200, koma ayezenso kuti atsimikize. Ayeze kachiwiri pa moto wa masikono, womwe umakhala pakati pa 200 ndi 220, chifukwa kuperewera sikukhala kofanana pa nambala zonse. Zimene wapeza alembe pakapepala n'kumata pafupi ndi kuka, kuti womuthandiza ntchito nayenso azitsata.

Themometa yotchipa nayo imatha kunama. Shuga wa m'nyumba ndi mboni yabwino, poti amasungunuka cha pa madigiri 186. Ikani supuni ya shuga m'kachitini kwa mphindi 15. Ngati themometa ikusonyeza 175, shuga sayenera kusungunuka. Ikasonyeza 195, ayenera kusungunuka. Zikasemphana ndi izi, kayikirani themometayo.

Kupsa kwa mbali imodzi ndi nkhani ina, ndipo themometa ya pakati siiona. Njira yake ndi kuyala magawo a buledi woyera pashelefu yonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kuwasiya pa 180 mpaka ena atayamba kufiira. Mukawatulutsa osasokoneza malo awo, mudzaona ngodya imene imawotcha ndi imene imazizira. Kawirikawiri kumbuyo kumatentha kuposa kuchitseko. Mukasuntha themometa kuiika m'malo amenewo mudzadziwa kukula kwa kusiyanako. Kukakhala kochepa, wophika amangotembenuza chitini nthawi yophika itadutsa theka, keke itagwira kale. Kutembenuza msanga kumaiphwetsa. Amasiyanso mpata pakati pa zitini ndi makoma kuti mpweya uziyenda. Kudzaza uvuni ndi zitini pothamangira oda, kapena kuyala thileyi yaikulu yofika khoma ndi khoma, kumapsereza pansi pamwamba pali posapsa.

Apa ndi pamene amalowera mmisiri wokonza makuka, ndipo wophika amene wayeza kale samulipirira zongoyerekeza. Ngati pamwamba pakufiira koma pansi pa keke pali poyera ndi ponyowa, mwina elementi ya pansi yafa, ndipo mmisiri amaiyeza ndi mita yake atachotsa kuka kumagetsi. Ngati kuchitseko kukuzizira kwambiri, onani labala wozungulira chitseko: tsekerani pepala pachitseko uvuni uli wozizira, ndipo likasololoka mosavuta, labalayo watha kapena mahinjesi alefuka. Pa uvuni wa fani, fani ikasiya kuzungulira, mbali ya kumbuyo imawotcha. Uvuni wotere ukakhala bwino umapsetsa msanga, ndipo ophika amatsitsa batani ndi madigiri 20 poyerekeza ndi uvuni wamba.

Palinso vuto limene mmisiri sangalichotse posintha chitsulo. Makuka athu amapangidwira magetsi a mavolti pafupifupi 230. Mphamvu ikatsika kufika pa 200, monga zimachitikira m'madera ena madzulo aliyense akuphika, elementi imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a moto wake. Uvuni umachedwa kutentha, ndipo mukatsekula chitseko umachedwa kubwerera. Chizindikiro chake ndi kanyale kosazima kwa nthawi yaitali muvi uli pansi. Kukweza batani pamenepa sikuthandiza, chifukwa elementi ikuyaka kale ndi mphamvu yonse imene ikulandira. Yezani m'mawa, muyezenso madzulo: miyeso ikasiyana kwambiri, themositati ilibe mlandu, ndipo nzeru ndi kusintha nthawi yophika.

N'chifukwa chake wophikira malonda asachotse themometa mu uvuni akamaliza kuyeza. Izikhala momwemo masiku onse, ndipo chitini chizilowa pokhapokha muvi ukafika pa moto umene keke ikufuna, kaya batani likunena chiyani.