Kusankha malo a saluni m'tauni ya piringupiringu

Saluni imasiyana ndi okala kapena golosale pa chinthu chimodzi chachikulu: kasitomala wake amayenera kukhala pansi. Wogula mayunitsi a foni amaima mphindi imodzi n'kupitirira ulendo wake, pamene wodzalukitsa tsitsi amakhala pampando maola atatu, anayi, nthawi zina tsiku lonse. Chifukwa cha ichi, malo amene akudutsa khamu lalikulu si ndiwo nthawi zonse abwino kutsegulapo saluni. Funso loyenera ndi lakuti, mwa anthu odutsawo, ndi angati amene angaime, n'kulowa, n'kudzabweranso pakatha masabata atatu kapena anayi.

Njira yodziwira zimenezi ndi kuwerenga, ndipo siifuna china choposa kope ndi cholembera. Wofuna malo amakhala chapafupi ndi khomo la chipinda chimene akuchiganiziracho, n'kumalemba kamzere pa munthu aliyense wodutsa kwa mphindi 15, kenako n'kuchulukitsa kanayi kuti apeze chiwerengero cha pa ola. Amatero m'mawa, masana ndi madzulo anthu akamaweruka. Tsiku limodzi limanamiza. Pafunika kuwerenga pakati pa sabata ndi Loweruka, komanso pakati pa mwezi ndi kumapeto kwake, chifukwa ntchito ya tsitsi imatsatira malipiro, maukwati ndi zinkhoswe. Amene wawerenga Loweruka la kumathero a mwezi lokha amaona ngati wapeza mgodi, koma mwini nyumba adzafuna lendi yathunthu ngakhale sabata yachiwiri ya Januwale, pamene ndalama zonse zapita ku fizi.

M'kopemo mukhale mizere iwiri. Woyamba ndi wa odutsa onse. Wachiwiri ndi wa okhawo ooneka kuti angakhale makasitomala: amayi ndi atsikana amene akuyenda mosathamanga, osasenza katundu, ndipo nkhope zawo zikuonekanso tsiku lotsatira. Mzere wachiwiriwu ndiwo uli ndi nkhani. Pa depoti ya Wenela ku Blantyre kapena pozungulira depoti ya mabasi ku Lilongwe pamadutsa anthu osawerengeka, koma ambiri ndi apaulendo, maso ali pa basi ndi pa chikwama, ndipo mawa adzakhala ali ku Mangochi kapena ku Kasungu. Msewu wopita kumsika wa Ndirande kapena wa Nsungwi ku Area 25 umadutsa anthu omwewo tsiku ndi tsiku. Mayi amene waona chikwangwani ka 20 akupita kukagula ndiwo, tsiku lina amalowa kudzafunsa mtengo wa meshi.

Mbali ya msewu nayo ili ndi mphamvu. Anthu salukitsa tsitsi akupita kuntchito, amalukitsa kapena kupangana tsiku akubwerera, choncho mbali imene amatsikira minibasi madzulo imaposa mbali yokwerera m'mawa. Chipinda cha pamwamba kapena chakuseri kwa nyumba chimatsika lendi, koma chimayenera munthu amene ali kale ndi makasitomala omutsatira pa foni. Woyamba kumene amafunika khomo loonekera kumsewu, pomwe wodutsa angaone mutu ukulukidwa. Ndi bwinonso kukaona malowo mvula itagwa, chifukwa khomo limene pamadikha madzi kapena matope limathawitsa anthu kuyambira Disembala mpaka Malichi.

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse momwe ziwerengerozi zimagwirira ntchito. Mayi wina ali ndi mipando iwiri, draya imodzi ndi mtsikana mmodzi womuthandiza, ndipo wapeza zipinda ziwiri. Choyamba chili pafupi ndi pokwerera minibasi ku Limbe, lendi yake K300,000 pa mwezi. Chachiwiri chili m'mbali mwa msewu wopita kumsika ku Bangwe, lendi yake K150,000. Atawerenga, wapeza kuti ku Limbe pamadutsa anthu 400 pa ola, koma a mzere wachiwiri ndi 30 okha. Ku Bangwe pamadutsa 150, ndipo a mzere wachiwiri ndi 60.

Tsopano masamu a mitu. Ngati kasitomala amalipira K8,000, ndipo atachotsa mankhwala, mafuta ndi gawo la womuthandiza pamatsala K4,000 pa mutu uliwonse, ndalama imeneyi ndiyo iyenera kulipira zonse zosadikira kasitomala. Ku Limbe, lendi pamodzi ndi magetsi, madzi, mlonda ndi thiransipoti zikufika K400,000, kutanthauza mitu 100 pa mwezi, pafupifupi inayi pa tsiku m'masiku 26 ogwira ntchito. Ku Bangwe zonse zikukwana K220,000, yomwe ndi mitu 55, iwiri yokha ndi pang'ono pa tsiku. Apa ndi pamene mipando imalowa m'nkhani. Anthu awiri oluka sangapitirire mitu isanu kapena isanu ndi umodzi pa tsiku ngakhale pakhomo patadutsa dziko lonse. Ku Limbe, mitu inayi mwa imeneyo ikupita kwa mwini nyumba ndi ku mabilu, ndipo tsiku limodzi lopanda magetsi likudya gawo lalikulu la phindu la sabata. Ku Bangwe mayiyo akuyamba kudzigwirira ntchito kuyambira mutu wachitatu.

Izi sizikutanthauza kuti m'tauni ndi moipa. Ngati ku Limbe angathe kulipiritsa K12,000 n'kutsala ndi K6,000 pa mutu, mitu yofunika ikutsika kufika pa 67, ndipo ngati ntchito yake yambiri ndi yachangu, monga kutsuka, kuumitsa ndi kuika wigi kwa ogwira ntchito m'mashopu ndi m'maofesi, mpando umodzi ungalandire anthu ambiri pa tsiku. Malo ometera abambo ndiye amakondadi pa depoti, poti kumeta kumatha mphindi 20 ndipo wapaulendo angathe kumeta akudikira basi kuti idzaze. Koma pakati pa Limbe, ngati m'matauni ena a zamalonda, mashopu akatseka madzulo anthu amabalalika, ndipo Lamulungu kumakhala zii. M'makomboni nthawi imeneyo ndi imene saluni zimadzaza.

Malo akapambana pa odutsa, chotsatira ndi kuyang'ana anansi. Oyandikana nawo abwino ndi amene amakoka munthu yemweyo amene saluni ikumufuna. Shopu ya zodzoladzola ndi meshi ndi mnansi wopambana onse, chifukwa wogula meshi amakhala atatsimikiza kale zolukitsa, ndipo wogulitsayo amafunsidwa kawirikawiri kuti woluka bwino ali kuti. Telala, wogulitsa zitenje, wobwereketsa madiresi a ukwati ndi wojambula zithunzi amabweretsa anthu a zinkhoswe ndi maukwati, amene amabwera gulu lonse nthawi imodzi. Sukulu ya ukachenjede kapena mahositelo a atsikana amapereka makasitomala ambiri, ngakhale kuti amanenerera mtengo kwambiri ndipo amasowa onse pa tchuthi. Ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba chapafupi amathetsa vuto la kasitomala amene ndalama zamuperewera tsitsi litatha kale.

Anansi ena amaononga mwakachetechete. Chigayo chimamwaza ufa umene umatera pa tsitsi longodzola mafuta. Chiwaya cha tchipisi kapena kanyenya chimadzaza utsi m'mataulo ndi m'mawigi opachika pakhoma. Wowotcherera zitsulo amabweretsa phokoso, ndipo ngati nyumbayo ili pa waya umodzi, makina ake akayaka magetsi amafooka draya ili pamutu pa munthu. Choopsa kwambiri ndi malo omwera mowa. Amayi ambiri salola kukhala pakhonde tsitsi lili lomasula theka pamene amuna oledzera akuwaponyera mawu, ndipo sadandaula kwa mwini saluni, amangosiya kubwera. N'chifukwa chake malowo ayenera kuonedwanso Lachisanu madzulo, pamene khomo limene masana linali lotseka limatulukira kuti ndi bala.

Anansi omwewo ndi amene amadziwa mbiri ya chipindacho kuposa mwini nyumba. Iwo amanena ngati madzi amatuluka tsiku lililonse kapena ndi a zigubu, ngati magetsi amathima kawirikawiri pa mzere umenewo, ngati mbava zidathyolapo, ndiponso chimene chidachotsa amene adalimo kale. Chipinda chimene saluni ziwiri zalephereramo motsatizana chili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho sichichoka ndi penti watsopano. Mita ya magetsi yogawana ndi ena ndi gwero la mikangano, poti draya ndi zowongolera tsitsi zimadya mayunitsi kuposa mababu a telala, ndipo anzakewo sachedwa kuona. Pafunikanso chimbudzi ndi potayira madzi otsukira tsitsi, popeza kasitomala wa maola anayi sangapirire popanda chimbudzi, ndipo madzi a mankhwala otayidwa panjira amaputa anansi ndi a khonsolo omwe.

Pa nkhani ya opikisana nawo, oyamba kumene ambiri amathawa msewu uliwonse umene pali saluni ina. Mantha amenewa amapitirira muyeso. Pamene saluni zaunjikana, anthu amadziwa kale kuti tsitsi amalukira kumeneko ndipo amachokera kutali kudzafuna, monga momwe ogula nsalu amalunjikira kumzere wa nsalu mumsika. Dera lopanda saluni ndi imodzi yomwe likhoza kukhala mwayi, koma likhozanso kutanthauza kuti anthu ake amalukana okhaokha pakhonde ndipo salipira.

Chofunika si kuchuluka kwa saluni koma momwe zikuyendera. Wofufuza amayenda mphindi 10 mbali zonse kuchokera pa chipindacho, n'kuona saluni iliyonse Loweruka masana ndi Lachiwiri m'mawa. Ngati Loweruka pabenchi pali odikira, ena mpaka kubwezedwa, ndiye kuti makasitomala achuluka kuposa manja, ndipo saluni yatsopano idzadya nawo. Ngati oluka akhala pakhomo kulukana okha kapena kuthamangira wodutsa aliyense ndi mawu akuti "tikulukeni, asisi", deralo lakhuta, ndipo wobwera kumene adzakakamizika kutsitsa mtengo mpaka masamu a mitu aja asokonekere. Njira yabwino yodziwira zambiri ndi kulowa ngati kasitomala, kutsukitsa tsitsi, n'kuona mitengo, ukhondo wa zipeso ndi mataulo, nthawi yotsekera, ndi zimene akulephera kuchita.

Zimene akulepherazo ndizo mpata. Pa msewu wa saluni zisanu zoluka meshi, mwina palibe yodziwa kusamala tsitsi lachilengedwe, yoluka ana modekha, yokonza zikhadabo, kapena yokhala ndi jenereta kapena sola yoti ntchito ipitirire magetsi a ESCOM akathima. Saluni imene draya yake ikulira pamene mzere wonse uli mumdima imalandira makasitomala a anzake tsiku limenelo, ndipo ena mwa iwo sabwereranso kwakale.

Pali vuto lina limene limabwera malo akayamba kuyenda bwino. Mwini nyumba akaona khomo ladzaza, amakweza lendi, kapena amachotsa wobwerekayo n'kuikamo m'bale wake kuti apitirize saluni pa makasitomala omwewo. Pangano lolembedwa, lotchula lendi, nthawi imene ingakwere, ndi miyezi ya chidziwitso asanatulutsidwe, liyenera kusainidwa sinki isanamangidwe ndi magalasi asanakhomedwe. Chiphaso cha bizinesi chochokera ku khonsolo chimatchula malo ogwirira ntchito, choncho ndi bwino kufunsa kumeneko ngati chipindacho n'chololedwa kuchitiramo malonda ndalama ya miyezi itatu yoyambirira isanaperekedwe.