Amasankha ndani tsamba lokhala pamwamba pa Google?

Ambiri a ife amene tikugwira ntchito m'mafamu kuno ku Joni, tikafuna kudziwa kanthu masiku ano timangotulutsa foni n'kulemba pa Google. Malipiro a boma afika pati, pemiti imatenga nthawi yaitali bwanji, basi yopita kumudzi inyamuka liti. Mayankho amabwera atandandalikidwa, ndipo chala chimathamangira loyambalo, poti bando ndi yodula komanso nthawi ya lanchi ndi yochepa. Komatu mndandanda umenewo sudziyala wokha. Pali chimene chimauyala, ndipo dzina lake ndi alugorizimu.

Liwulo lisatiopse. Alugorizimu ndi ndondomeko ya malamulo ndi masamu imene kompyuta imatsata pogwira ntchito inayake. Amene tinagwirako mu pakihausi ya malalanje tikuidziwa kale ntchito yotere. Zipatso zimayenda palamba, makina n'kumayeza kukula, kulemera ndi mtundu wa khungu, kenako ili lipite m'bokosi la kunja, ili la msika wa konkuno, ili la juwisi. Makinawo salawa lalanje. Amangoyeza zizindikiro zimene anauzidwa kuti ayeze, ndipo kawirikawiri amalondola, koma lalanje lokongola khungu likhoza kukhala lowawasa m'kati. Alugorizimu ya Google imachita chimodzimodzi ndi masamba a pa intaneti.

Tikamalemba funso lathu, Google sayamba nthawi yomweyo kuyendayenda pa intaneti kufuna yankho. Kuyendako anayenda kale. Ali ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot imene usana ndi usiku imatsegula masamba, kuwerenga zolembedwamo, n'kutsata malinki, aja timadina kuti tichoke patsamba ili tipite pa lina. Zimene yapeza zimalembedwa m'kaundula wamkulu. Ife tikasaka, tikusaka m'kaundulamo. Tsamba limene silinalowemo sitingalione, ngakhale litakhala labwino chotani. N'chifukwa chake zambiri zimene timauzana m'magulu athu a WhatsApp sizituluka pa Google.

M'kaundulamo masamba onena za nkhani imodzi amakhala ochuluka zedi, pamene foni yathu imangoonetsa ochepa tisanatsetsereke pansi. Apa m'pamene alugorizimu imagwira ntchito yake: kusankha loyamba, lachiwiri, ndi limene liponyedwe kutali kumene palibe amafikako. Masamu ake onse kampaniyo siulula, ndipo imawasinthasintha, kusintha kwakukulu kumachitika kangapo pachaka. Koma zinthu zikuluzikulu zimene imayeza inazinena poyera: tanthauzo la mawu amene talemba, ngati tsambalo likunenadi za nkhaniyo, ngati likuoneka lodalirika, ngati limatseguka bwino pafoni, ndiponso dera limene tili ndi chilankhulo chimene tikugwiritsa ntchito.

Pa zonsezi, chofunika kuchimvetsa bwino ndi cha kudalirikachi. Kompyuta ingadziwe bwanji kuti tsamba ili ndi lodalirika? Larry Page ndi Sergey Brin, amene anayambitsa Google mu 1998 atachokera pa yunivesite ya Stanford ku America, anabwera ndi nzeru yotchedwa PageRank. Anati tsamba lina likaika linki yolozera patsamba lako, lili ngati lakuchitira umboni. Ndipo umboni sufanana kulemera. Ifenso timadziwa kuti ukamafuna ntchito pafamu, mawu a folomani amene wakhalapo zaka 20 amalemera kuposa a anyamata anayi amene afika sabata yatha.

Pali kenanso. Wochitira umboni anthu ambiri, umboni wake umagawanika. Tiyerekeze kuti tsamba la nyuzipepala yaikulu lili ndi mphamvu 10, ndipo laika malinki olozera kumasamba asanu. Tsamba lililonse lalandirapo 2. Tsono patsidya pali timasamba tinayi tating'ono, kalikonse mphamvu yake 1, ndipo kalikonse kalozera kumasamba awiri. Amene walozeredwa ndi tonse tinayi walandira theka kanayi, zimene zikukwana 2 yomweyo. Ndiye kuti linki imodzi yochokera kwa wamkulu yafanana ndi zinayi zochokera kwa aang'ono. Manambalawa ndi ongofotokozera, koma kagawidwe kake n'kotero. Lero Google amayeza zinthu zina zambiri pamwamba pa izi, koma malinki akuwerengedwabe.

Tsono taonani pamene pagona vuto. Umboni wa malinki umaunjikana ndi nthawi. Tsamba limene lakhala zaka ziwiri lapeza malinki ambiri kuposa limene latuluka dzulo. Pa nkhani zosasintha, monga kadzalidwe ka chimanga, zimenezo zilibe kanthu. Koma pa nkhani ya malipiro zikhoza kutidyera ndalama.

Tiyeni tiione nkhaniyi ndi manambala enieni. Ku South Africa malipiro otsikitsitsa amene boma limalola pa ola akhala akukwera pa 1 Malichi chaka ndi chaka, ndipo ife a m'mafamu timalandira mlingo womwewo wa dziko lonse. Mu 2023 anali R25.42, mu 2024 anafika pa R27.58, mu 2025 anakwera kufika pa R28.79. Tiyerekeze mayi wina wothyola mphesa, m'mwezi wa Epulo 2025, akukayika ndi pepala lake la malipiro. Walemba pafoni:

```
farm worker minimum wage
```

Mawuwa sakunena chaka, sakunenanso dziko. Dziko alugorizimu ingoganizira yokha poona kumene foniyo ili. Chaka nacho iyesa kuganizira, chifukwa ili ndi njira zokondera masamba atsopano ikaona kuti nkhaniyo imafuna za lero. Koma kuganizira si kudziwa. Tsamba la 2023, lolembedwa bwino, la malinki ambiri, lokhala ndi mawu omwewo pamutu pake, likhoza kukwera pamwamba. Silikunama ayi. Linali loona nthawi yake.

Mayiwo akawerenga R25.42, n'kuona kuti papepala pawo palinso R25.42, mtima ukhala pansi. Chonsecho pa ola lililonse akuperewedwa R3.37. Pa sabata ya maola 45 amayenera kulandira R1,295.55, koma alandira R1,143.90, kusiyana kwake R151.65. Pa masabata anayi ndi R606.60. Imeneyo ndi ndalama imene kumudzi akanaiona, yatsalira kwa bwana chifukwa cha tsamba limene linali pamwamba.

Palinso anthu amene ntchito yawo n'kukankhira masamba pamwamba. Amaphunzira zimene alugorizimu imakonda n'kumazipereka. Ena amachita mwachilungamo, kukonza tsamba kuti lizitseguka msanga ndi kulemba zomveka. Ena ndi akathyali. Amagula malinki, ngakhale malamulo a Google amaletsa, kapena amangosintha chaka pamutu wa nkhani kuti ioneke yatsopano pamene m'kati muli manambala akale omwe aja. Kuli ngati kupukuta lalanje kuti lidutse pamakina. Google amalimbana nawo, amawagwetsa, iwo amapeza njira ina, basi mpikisano wake ndi wosatha. Ndipo nkhani zimene amazikonda anthu oterewa ndi zathu zomwezi: ntchito, mapemiti, ngongole, kutumiza ndalama kumudzi.

Tisasokonezenso ndi zotsatsa malonda. Nthawi zambiri pamwamba penipeni pamakhala mayankho olembedwa `Sponsored`. Amenewo sanakwere ndi umboni wa malinki. Eni ake amapikisana pamtengo kuti aonekere anthu akalemba mawu akutiakuti, ndipo kawirikawiri amalipira munthu akadina. Google amanena kuti kulipira zotsatsa sikukweza tsamba pamndandanda wamba wa m'munsiwo, ndi mizere iwiri yosiyana. Koma pafoni yaing'ono, dzuwa likuwala pagalasi, kaliwu kameneko n'kosavuta kukaphonya. Kukhala wotsatsa si umbava, koma wotsatsa wabwera kudzagulitsa, sanabwere kudzatiuza za malamulo.

Nanga titani? Alugorizimu sitingaisinthe, koma tikhoza kuichepetsera zoganizira. Mayi aja akanalemba motere:

```
national minimum wage 2025 site:gov.za
```

Kuika chaka kumapatsa mwayi masamba onena za chaka chimenecho. Mbali yomalizayo, `site:gov.za`, imauza Google kuti atulutse masamba okhawo amene adiresi yake ndi ya boma la South Africa, kuphatikizapo a dipatimenti yoona za ntchito pa `labour.gov.za`. Ilembedwe yogundana, popanda mpata pambuyo pa timadontho tiwirito. Abale athu a m'mafamu a ku Britain angachite zomwezo ndi `site:gov.uk`, makamaka pa nkhani za mavisa. Pamene pali 2025 paikidwe chaka chimene tili, chifukwa R28.79 unali mlingo wa 2025, ndipo mlingo uliwonse umasanduka mbiri yakale ngati mmene inachitira R25.42.

Njirayi ili ndi malire ake. Boma nalonso limasunga masamba akale, ndiye tsamba la boma la zaka zapitazo likhoza kutuluka poyamba. Tikatsegula, tisangoyang'ana nambala. Tifufuze chiganizo chonena tsiku limene mlingowo wayamba kugwira ntchito. Tsiku lolembedwa pamwamba pa nkhani silokwanira, paja tanena kuti ena amangolisintha. Chingerezi cha masamba a boma n'cholimbanso, tisabisane, ndiye palibe manyazi kuitana mwana wa sukulu kuti tiwerengere limodzi.

Mwina wina afunsa kuti bwanji osangosaka m'Chichewa. Tingayese, koma alugorizimu imasankha pa zimene zili m'kaundula, ndipo masamba a Chichewa onena za malamulo a ntchito a ku South Africa ndi osowa. Ikasowa cholondola siinena kuti palibe ayi, kawirikawiri imangobweretsa chimene chayandikirako, mwina nkhani ya malipiro a ku Malawi, mwinanso zosakhudzana n'komwe.

Za dera zija nazonso zimayambanitsa anthu. Bambo ali pafamu ku Limpopo, mwana wawo ali ku Mangochi, onse alemba mawu amodzimodzi osatchula dziko. Bambowo akhoza kuona za marandi, mwanayo za makwacha, aliyense n'kumati mnzakeyo sakudziwa kuwerenga. Ngati tikupempha wa kumudzi kuti atisakire chifukwa bando yatithera, timuuze awonjezere mawu akuti `South Africa` ndi chaka, ndipo akapeza atitumizire linki yeniyeniyo, osati chithunzi cha nambala yokha, kuti tione tokha adiresi ya tsambalo ndi tsiku limene mlingowo unayamba.