Sikelo ya Khungu Imene Inayambira pa Azungu

Pa foni yamakono, munthu akafuna kutumiza kachithunzi ka chala chachikulu chovomereza, amatha kusankha mtundu wa khungu: koyera mbuu, koderako, mpaka kakuda. Mitundu isanu imeneyi inalowa m'mafoni mu 2015, ndipo anaitenga kuchipatala. Gwero lake ndi sikelo ya Fitzpatrick, imene madokotala a khungu amagawira anthu m'magulu asanu ndi limodzi. Pa foni anangophatikiza magulu awiri oyambirira kukhala limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti mwini wake sanaipange kuti iziyeza mtundu wa khungu ayi.

Thomas Fitzpatrick anali dokotala wa khungu ku yunivesite ya Harvard, mumzinda wa Boston ku America. Cha m'ma 1975 iye ndi anzake ankachiza soriyasisi, matenda amene amatulutsa zigamba zokhuthala, zamambamamba pakhungu. Chithandizo chake chinali chatsopano, chotchedwa PUVA. Wodwala ankamwa mankhwala a soraleni, amene amachititsa khungu kumva kuwala msanga, ndipo pakapita maola awiri ankaima m'kachipinda ka nyale zotulutsa cheza cha UVA. Vuto linali mlingo wa tsiku loyamba. Cheza chikachepa, zigamba sizichoka. Chikachuluka, wodwala amapsa mpaka matuza.

Poyamba ankangoyang'ana tsitsi ndi maso, poganiza kuti wa tsitsi lakuda ndi maso oderako apirira cheza chambiri. Ena mwa anthu otere anapsa koopsa. Apa Fitzpatrick anasintha njira: m'malo moyang'ana, anayamba kufunsa. Funso lake linali lakuti, munthu akakhala padzuwa la masana kwa pafupifupi ola limodzi, koyamba nyengo yozizira itangotha, kodi mawa lake khungu limafiira ndi kuwawa? Nanga pakatha sabata, limadera motani?

Mayankho anabala magulu anayi. Wa gulu I amapsa nthawi zonse ndipo sadera konse. Wa gulu II amapsa kawirikawiri n'kudera pang'ono. Wa gulu III amapsa mwa apo ndi apo, ndipo wa gulu IV sapsa wamba, amangodera. Onsewa anali azungu. Magulu V ndi VI anawonjezedwa pambuyo pake, ndipo ali m'nkhani imene iye anasindikiza mu 1988. Koma awiriwa sanadzere m'funso lija. Analembedwa potengera maonekedwe: V ndi khungu lofiirira, VI ndi lakuda. Choncho azungu anapatsidwa zipinda zinayi, pomwe anthu ambiri a ku Africa, ku India ndi kuzilumba za Pasifiki anapanikizidwa m'zipinda ziwiri.

Pamene sikeloyi imatsimphina kwambiri ndi pa mawu akuti kufiira. Khungu likapsa ndi dzuwa, timitsempha ta magazi timatanuka, ndipo pa mzungu izi zimaonekera patali. Pakhungu lakuda timitsemphato timatanukanso chimodzimodzi, koma melanini, chinthu chimene chimadetsa khungu, imaphimba kufiirako. Malo opsawo amangoda kuposa pozungulira, mwina kuoneka otuwa, amatentha ukawagwira, amayabwa kapena kuwawa, kenaka amasupuka patapita masiku. Munthu wotere ukamufunsa ngati amafiira, ayankha zoona kuti ayi, ndipo dokotala alemba kuti sapsa. Pa kafukufuku wina wa anthu akuda oposa 2,000 ku California, amene anasindikizidwa mu 2010, oposa theka anati palibe gulu ndi limodzi lomwe limene likufotokoza khungu lawo. Ofufuza ena anapeza kuti mayankho amamveka bwino funso likasinthidwa, n'kumafunsa za kuyabwa, kuwawa ndi kuda kwa khungu m'malo mwa kufiira.

Ngakhale nyengo imene funsoli likunena ndi ya kwawo komweko. Munthu wokhala kumene dzuwa limawala chaka chonse alibe tsiku loti ndi loyamba kuwombedwa nalo.

Tiyerekeze kuti mtsikana ndi mkulu wake, a bere limodzi, apita kukachotsa tsitsi la pachibwano ndi makina a leza. Wamkulu ndi woyererako, wamng'ono ndi wakuda bii. Wogwira makina akuwayang'ana, n'kulemba V pa onse awiri, n'kutchera mphamvu yofanana. Leza imagwira ntchito posaka melanini ya mu tsitsi, kuitenthetsa mpaka muzu ufe. Koma makinawo sasiyanitsa melanini ya tsitsi ndi ya khungu. Pa wamkulu kutentha kwambiri kukutsikira ku muzu, ndipo akutuluka bwinobwino. Pa wamng'ono khungu lapamwamba likumwa gawo lalikulu la kuwalako. Wogwira makina akudikira kufiira kuti adziwe ngati wapyola muyeso, koma sakuona kanthu, ndiye akupitiriza. Mawa lake patuluka timatuza, ndipo tikapola pakutsala mawanga akuda kapena oyera amene angakhale miyezi yambiri.

Wodziwa ntchito sadalira nambala yokha. Amasankha leza ya Nd:YAG, ya kuwala kwa 1064 nm, kumene kumalowa mozama ndipo melanini ya pamwamba siikumwa kwambiri, m'malo mwa ya 755 nm imene imayenda bwino pakhungu loyera. Amayamba wayesa pa kamalo kakang'ono kobisika n'kudikira masiku angapo. Amafunsanso funso limene pa sikelo ya Fitzpatrick palibe: kodi chiphuphu kapena bala likapola, limasiya banga lakuda kapena chipsera chotupa? Kwa anthu akuda ambiri, dandaulo lenileni ndi limeneli.

Pa chithandizo cha nyale palinso njira yoyezera mwachindunji. Amawalitsa timalo ting'onoting'ono pamsana, kalikonse ndi mlingo wokulirapo, n'kuona pakatha maola 24 kuti khungu layamba kusintha pa mlingo uti. Zimadya nthawi, ndipo pakhungu lakuda pamafunika diso lozolowera, n'chifukwa chake zipatala zambiri zimathamangira ku nambala ija.

Ngozi ina imabwera nambala ikasanduka dzina la fuko, ngati kuti munthu wa ku Africa aliyense ndi VI. Mwana wachialubino wobadwa kwa makolo akuda amapsa ngati wa gulu I, ndipo khansa ya pakhungu ndi imene imatenga miyoyo ya anthu achialubino ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi. Komanso mawu akuti sapsa amagoneka tulo odwala ndi madokotala omwe. Ndi zoona kuti melanini imateteza, ndipo khansa yobwera ndi dzuwa ndi yosowa pakhungu lakuda. Koma melanoma imene imagwira anthu akuda imakonda kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, kumene dzuwa silifika kwenikweni, ndipo nthawi zambiri imapezeka mochedwa. Ya Bob Marley, amene anamwalira mu 1981, inayambira pa chala cha kuphazi.

Olowa m'malo akuyesedwa. Pali timakina toyeza kuwala kobwerera kuchokera pakhungu, timene timapereka nambala yosadalira zimene munthu akukumbukira. Mu 2022 kampani ya Google inayamba kugwiritsa ntchito sikelo ya mitundu khumi yokonzedwa ndi Ellis Monk, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu ku Harvard komweko. Koma zonsezi zimayeza maonekedwe, osati mmene khungu limachitira ndi cheza, ndiye sizingamuuze dokotala mlingo wa nyale. Sikelo ya Fitzpatrick ikadalipobe m'mabuku a zipatala ndi m'timabuku ta makina a leza, makamaka chifukwa siifuna chipangizo chilichonse ndipo kuifunsa sikutenga ndi mphindi ziwiri zomwe.