Makontirakiti 40 pa tebulo limodzi

Kampani ikagula inzake, imalandiranso antchito ake ndi makontirakiti awo, mwina 40, olembedwa zaka zosiyana ndi anthu osiyana. Woyang'anira antchito amayala tebulo: mzere umodzi munthu mmodzi, ndipo mizati itatu ikhala ya notisi, nthawi yoyeserera ntchito, ndi zifukwa zochotsera munthu.

Mutu umayamba kuwawa pa notisi. Kontirakiti ya dalaivala ikuti "mwezi umodzi", ya kalaliki ikuti "masiku 30", ya mlonda ikuti "masabata anayi". Zikumveka zofanana, komatu masabata anayi ndi masiku 28 basi, ndipo mwezi wa Febuluwale sutalika ngati wa Malichi. Wodziwa ntchito amakopera mawuwo momwe alili, n'kuwonjezera nambala ya ndime imene wawapeza.

Msampha wina ndi wakuti munthu mmodzi amatha kukhala ndi manotisi awiri: sabata imodzi akadali poyeserera, mwezi akakhazikika. Tebulo la bokosi limodzi limameza imodzi.

Nanga kontirakiti ikakhala chete? M'bokosimo alembe kuti "sinatchule", asalotere. Ku Malawi zikatero amatsegula lamulo la zantchito la 2000, lomwe limapatsa wolipidwa pamwezi notisi ya mwezi umodzi.