Musanalipire Sola, Itanitsani Chithunzi cha Lebulo

Masiku ano zipangizo zambiri za sola zikugulidwa munthu asanazigwire ndi manja. M'bale wa ku Joni amajambula panelo, inveta ndi batire mushopu n'kutumiza pa Watsapu, ndipo funso limakhala limodzi: kodi zimenezi zikwanira kunyumbako? Wamalonda wa ku Limbe kapena ku Malangalanga amachitanso chimodzimodzi kwa kasitomala wa kutali. Vuto n'lakuti zithunzi zambiri zimakhala za kutsogolo kwa katundu kapena za katoni, ndipo zoterezi sizithandiza konse. Mapanelo onse amaoneka mofanana kutsogolo. Chofunika ndi lebulo, kapepala komatidwa kumbuyo kwa panelo, m'mbali mwa inveta ndi pathupi pa batire. Uzani wojambulayo ayandikire, asayatse kuwala kwa foni chifukwa kumanyezimira papepalalo, ndipo chithunzicho achitumize ngati fayilo kuti manambala asafufutike.

Tiyerekeze kuti banja lina la ku Dedza lalandira zithunzi zitatu zotere. Akufuna kugula mapanelo awiri, inveta imodzi ndi mabatire awiri, kuti magetsi a ESCOM akathima nyumba isagone mumdima ndipo ndiwo za mufuriji zisawonongeke.

Pa lebulo ya panelo, pamwamba pamakhala dzina la kampani ndi nambala ya mtundu wake. Nambalayi ilembeni mu foni monga momwe ilili, mupeze pepala la kampaniyo lofotokoza za mtunduwo, mufananize. Ngati kampani yotchulidwayo ilibe mtundu wotero, kapena manambala akusiyana, yambani kukayika. Pansi pake pali mizere isanu imene ili mtima wa nkhani yonse. Ya banja lathuli ikuti:

```
Pmax 550 W
Vmp 41.9 V
Imp 13.1 A
Voc 49.9 V
Isc 14.0 A
```

`Pmax` ndi mawati amene panelo imatulutsa ikamayesedwa kufakitale, pa kuwala kwa mawati 1,000 pa sikweya mita iliyonse, panelo ili pa madigiri 25. Padenga la malata masana panelo imatentha kuposa pamenepo, choncho musayembekezere 550 yonseyo. `Vmp` ndi `Imp` ndi mavoluti ndi maampu ake ikamagwira ntchito. Mukachulukitsa ziwirizi muyenera kupeza `Pmax`: 41.9 kuchulukitsa ndi 13.1 ikupereka pafupifupi 549. Lebuloyi ikugwirizana yokha. Mukapeza lebulo yonena 300 koma kuchulukitsako kukupereka 150, wina wasintha nambala imodzi n'kuiwala zinazo.

Ochenjera amasintha manambala onse, koma kukula kwa panelo sangakusinthe. Panelo yabwino ya masiku ano imatulutsa mawati a pakati pa 200 ndi 230 pa sikweya mita. Ya mawati 550 imatalika pafupifupi mamita 2.3, m'lifupi mamita 1.1, ndipo imaposa chitseko cha nyumba. Ndiye pemphani chithunzi china, tepi yoyezera itagonekedwa pa panelopo. Kapanelo ka mita imodzi m'litali ndi masentimita 67 m'lifupi sikangapitirire kwambiri mawati 150, ngakhale pakhale lebulo yokongola yonena 300. Ine ndimakhulupirira tepi kuposa lebulo, ndipo ndimalangiza aliyense kutero, chifukwa ndalama ya sola anthu amaisonkhanitsa movutika, ena mpaka kugulitsa fodya wa chaka chonse.

Chithunzi chachiwiri n'cha inveta. Kutsogolo kwalembedwa 3 kVA ndi zilembo zikuluzikulu, koma lebulo ya m'mbali ikuti 3000 VA / 2400 W. Nambala yachiwiriyo ndiyo katundu amene inveta inganyamule nthawi imodzi. Ketulo imodzi yamagetsi imadya mawati pafupifupi 2,000, kotero ikayatsidwa pamodzi ndi ayironi, inveta ilira n'kuzima. Onaninso mawu akuti `pure sine wave`. Akakhala akuti `modified sine wave`, mababu ndi mafoni zigwira, koma mota ya furiji imang'ung'udza, kutentha ndi kutha msanga. Kenako pali `DC input 24 V`, kutanthauza kuti batire imodzi ya mavoluti 12 siingayidzutse. Pafunika awiri olumikizidwa mondondozana, kapena imodzi yopangidwira mavoluti 24.

Malo amene anthu ambiri amapsera ali m'munsi mwa lebuloyo, pa gawo la sola. Ya banja lathuli ikuti:

```
Max PV array power 1000 W
MPPT range 30–80 V
Max PV open circuit voltage 102 V
```

Mzere womalizawo ndi malire osafunika kudumphidwa ngakhale kamodzi, ndipo nambala yoyerekeza nawo ndi `Voc`, mavoluti a panelo pamene palibe chimene chikukoka moto. Mapanelo awiri akalumikizidwa mondondozana, waya wa pulasi wa ina kulowa ku mainasi wa inzake, mavoluti amaphatikizana: 49.9 kawiri ndi 99.8. Munthu angaone ngati zalowa, popeza 99.8 ili pansi pa 102. Koma 49.9 ija inayesedwa pa madigiri 25, ndipo panelo ikazizira mavoluti ake amakwera, pafupifupi 0.27 peresenti pa digiri iliyonse. M'mawa wa mu Juni ku Dedza, dzuwa likangotuluka panelo ili pa madigiri 8, mavoluti akwera ndi pafupifupi 4.6 peresenti n'kufika pa 104. Malire adumphidwa. Inveta ina imangoonetsa nambala ya vuto pagalasi lake n'kukana kutchaja, ina imapsa mbali yotchajira, ndipo wogulitsa sangakubwezereni chifukwa cholakwa chili pa kalumikizidwe. Chopweteka n'chakuti wolumikiza akayesa masana a mu Okutobala zonse zimaoneka bwino, vuto n'kudzabwera miyezi ingapo iye atalandira kale ndalama zake.

Katunduyu sikuti ndi wosayenerana. Mapanelo omwewo akalumikizidwa mbali ndi mbali, pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi, mavoluti amakhala a panelo imodzi, 42 pogwira ntchito ndi pafupifupi 52 m'mawa wozizira, zimene zili bwinobwino pakati pa 30 ndi 80. Chimene chimaphatikizana tsopano ndi maampu, opitirira 26, ndiye waya wochokera kudenga akhale wonenepa, wa mamilimita 6 kapena kuposa ngati mtunda ndi wautali. Mawati 1,100 akuposa pang'ono 1,000 wa pa lebulo. Zotchajira zambiri za MPPT zimangotenga zimene zingathe n'kusiya zotsalazo, koma pemphani chithunzi cha tsamba la kabuku ka invetayo muone ngati akuloleza.

Palinso mainveta ena, ofanana ndendende kunja ndi amenewa, amene lebulo yawo imati `MPPT range 120–450 V`. Amenewo mapanelo awiri sangawadzutse n'komwe, alumikizidwe mwanjira iliyonse. Amafuna anayi ondondozana kapena kuposa. Mabanja ena amadandaula kuti sola yawo siitchaja, chonsecho palibe chowonongeka, mavoluti okha ndiwo sakufika. N'chifukwa chake dzina lokha la inveta silokwanira. Kampani imodzi imatulutsa mitundu ingapo ya 3 kVA, yosiyana ndi chilembo chimodzi kumapeto kwa nambala.

Chithunzi chachitatu chikuonetsa batire yolembedwa `12V 200Ah`, `C20`, `deep cycle gel`. Kuchulukitsa 12 ndi 200 kukupereka 2,400 Wh, ndiko kuti mphamvu yokwana kuyatsa chinthu cha mawati 100 kwa maola 24. `C20` ikutanthauza kuti 200 ija imapezeka batire ikamakhetsedwa pang'onopang'ono kwa maola 20. Mukaikoka mwamphamvu ndi hotipuleti imapereka zochepa. Mabatire awiri ondondozana amapereka mavoluti 24 koma 200 Ah ija siisintha, ndipo pamodzi ndi 4,800 Wh. Batire ya mtundu uwu, ya mtovu, siifuna kukhetsedwa kupitirira theka. Mukamaipsiniza usiku uliwonse mpaka inveta kulira, imatha msanga kwambiri. Choncho banjali liwerengere 2,400 Wh yokha. Batire ya lifiyamu yolembedwa `LiFePO4 25.6V 100Ah` ili ndi 2,560 Wh, ndipo popeza imalola kukhetsedwa mpaka 80 kapena 90 peresenti, imodzi yokha imayandikira ntchito ya awiri aja. Mukaona `CCA` pa lebulo, imeneyo ndi ya galimoto, yopangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa, ndipo panyumba siikhalitsa.

Tsopano tiwerenge za usiku umodzi m'nyumbamo. Mababu 6 a mawati 9 kwa maola 5 ndi 270 Wh. Wailesi ya kanema ndi dikoda, mawati 80 kwa maola 5, ndi 400. Furiji yapakatikati tiyipatse 700 kuyambira madzulo mpaka m'mawa, mafoni 50. Zonse pamodzi ndi 1,420. Inveta nayo imadya yake, posintha moto komanso pongokhala yoyaka usiku wonse, ndiye tinene 1,900 zochoka m'mabatire. Zikulowa mu 2,400 ija, malo n'kutsala pang'ono. Mbali ya mapanelo, tikawerengera maola 5 a dzuwa lamphamvu patsiku n'kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo anayi chifukwa cha kutentha, fumbi ndi mawaya, tikupeza pafupifupi 4,000 Wh, zokwanira kudzaza mabatire ndi kuyendetsa furiji masana. Masiku a chiperoni kapena a mvula yamvumbi sizifika pamenepo, ndipo ESCOM iyenera kuthandiza kutchaja. Kuphika nsima pa hotipuleti ya mawati 1,500 kwa ola limodzi madzulo kungadye zoposa theka la zonse za usikuwo. Katunduyu ndi wowunikira, wa kanema ndi furiji. Wophikira ayi.

Pa zitatuzi, batire ndi imene chithunzi chimaibisa kwambiri. Lebulo ya batire yatsopano ndi ya batire yotopa imawerengeka chimodzimodzi. Pemphani ajambule tsiku limene inapangidwa, lomwe kawirikawiri limadindidwa pamwamba kapena m'mbali, chifukwa batire ya mtovu yokhala mushopu nthawi yaitali osatchajidwa imawonongeka isanagwire ntchito. Aiike pasikelo ajambulenso: ya jelo ya 200 Ah yeniyeni imalemera makilogalamu a pakati pa 55 ndi 65, ndipo yolemera 35 mulibe mtovu wokwanira 200 Ah. Pomaliza agunditse mita yoyezera magetsi pamitu yake batire isanalumikizidwe ku chilichonse. Yodzaza bwino imaonetsa mavoluti 12.7 kapena kuposa pang'ono, ndipo awiriwo akhale a mtundu umodzi, a msinkhu umodzi, owerenga mofanana. Imodzi ikaonetsa 12.8 inzake 12.1, musawalandire ngati awiri oyendera limodzi, chifukwa yofookayo idzayamba kutha usiku uliwonse ndipo inveta izizima yabwinoyo ikadali ndi moto.