Kulankhula kwa Alandilodi pa Nkhani ya Lendi Zinthu Zikathina

Mawu opempha eni nyumba kuti asakweze lendi mopitirira muyeso amayamba ndi kuvomereza kuti nawonso zinthu zawathina. Pamene Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi penti inakwera nthawi yomweyo. Wolankhula amene walumpha mfundo imeneyi n'kuyambira pa chifundo, alandilodi amangomuombera m'manja mwaulemu, mawa lake n'kukweza lendi.

Mtima wa nkhani ndi masamu. Tiyerekeze nyumba ya ku Chilomoni kapena ku Area 25 ya K100,000 pa mwezi. Mwini wake akatsatira kugwa kwa kwacha ndendende, aika K144,000. Koma malipiro a wochita lendi sanakwere motero, choncho amasamuka. Nyumba ikakhala miyezi itatu yopanda munthu, pa chaka ibweretsa lendi ya miyezi isanu ndi inayi yokha, K1,296,000, ndipo pamenepo pachoke ndalama zopakira penti, zosinthira maloko ndi za mlonda, chifukwa nyumba yopanda anthu akuba sachedwa kuizula mipope ndi mawaya. Akanakweza n'kufika pa K120,000 wakaleyo n'kukhalabe, akanatolera K1,440,000. Wolankhula waluso amalemba ziwerengerozi poonekera, omvera awerengetsere okha.

Pali chinanso chimene ambiri safuna kumva: nyumba yomangidwa kalekale siimangidwanso chifukwa kwacha yagwa. Zimene zakwera ndi zokonzera pamene pawonongeka ndi zina monga kupopetsa chimbudzi, ndipo zimenezi ndi gawo chabe la lendi. Amene akubweza ngongole ya kubanki ndi wosiyana, pakuti chiwongoladzanja chikakwera chimamuluma mwezi ndi mwezi. Ameneyo dandaulo lake n'lomveka, ndipo kuliphimba n'kudzichotsera ulemu pamaso pa omvera.

Kenako pamabwera zopempha zenizeni. Lendi ikwere kamodzi pa chaka, wochita lendi atauzidwiratu m'kalata miyezi iwiri kapena itatu isanakwane. Mwambo wofuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi ufewetsedwe kwa amene wakhala akulipira bwino. Pa mpanda wa mabanja angapo omwera pa mpope umodzi, bilu ya madzi ionetsedwe kwa onse isanagawidwe, popeza mikangano yambiri imayambira pomwepo.

Za ovuta kulipira sizibisidwa. Amene ali pa vuto lenileni amadziwika: amabwera yekha tsiku lisanakwane, amapereka kangachepe, n'kutchula tsiku lomalizira. Wozemba amazimitsa foni n'kumalowa m'nyumba usiku. Woyambayo alemberane pangano lolipira pang'onopang'ono. Winayo apatsidwe notisi yolemba, akakana kutuluka nkhani ipite kukhoti. Kuchotsa chitseko, kusasula malata kapena kutulutsa katundu panja kumasandutsa wodandaula kukhala woimbidwa mlandu.